Matipi a m'thumba limodzi: mafunso ndi mayankho kwa ogwira ntchito m'malesitilanti ku UK

Anzathu ambiri ochokera ku Malawi ndi ku Zambia akafika ku UK amayambira ntchito m'khitchini kapena kuperekera chakudya pamatebulo. Nanenso ndinayambira pa sinki yotsukira mapoto, ndipo panapita miyezi ndithu ndisanadziwe kuti mzere wina wa papepala langa la malipiro unali gawo langa la matipi, komanso kuti ndinali ndi ufulu wofunsa m'mene awerengera. Mafunso ali m'munsimu ndi omwe anthu amandifunsa kawirikawiri. Malamulo amene ndikutchula ndi a ku England, Scotland ndi Wales. Ku Northern Ireland lamulo la matipili silinafike.

Kodi tipi ndi sevisi chaji n'chimodzimodzi?

Zimasiyana pa kabweredwe kake. Tipi ndi ndalama imene kasitomala amasiya mwa kufuna kwake, kaya patebulo kapena pa khadi. Sevisi chaji ndi ndalama imene lesitilanti imalemberatu pa bilu. Ku London malo ambiri amaika 12.5 peresenti, ndiye bilu ya £80 imakhala £90. Nthawi zambiri kasitomala amatha kunena kuti aichotse, koma malo ena amakakamiza, makamaka pa magulu akuluakulu.

Pamaso pa lamulo la Employment (Allocation of Tips) Act 2023, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 Okutobala 2024, zonsezi zikadutsa m'manja mwa bwana ndi za antchito. Mwini lesitilanti sachotsapo kanthu kupatula msonkho ndi zina zomwe boma limalamula. Kale malo ena ankadulapo ndalama ya makina a khadi, ena ankati ya "ntchito ya mu ofesi". Zimenezo zinaletsedwa.

Papepala langa la malipiro pali mawu akuti `Tronc`. Akutanthauza chiyani?

Limenelo ndi thumba limodzi lomwe matipi ndi sevisi chaji zimasonkhanitsidwa zisanagawidwe. Mawuwa anachokera ku Chifalansa, komwe amanena bokosi loponyamo ndalama za chifundo m'tchalitchi. Ife timangoti tironki.

Tironki imakhala ndi mkulu wake, amene amasankha kagawidwe. Akhoza kukhala mmodzi wa antchito, monga mkulu wa maweta, kapena wowerengera ndalama wa kunja kwa lesitilanti. Chofunika n'chakuti asamauzidwe ndi mwini bizinesi kuti uje alandire zingati. Ngati aliyense pantchito panu sakudziwa dzina la mkulu wa tironki, kapena ngati ndi bwana yemweyo amene amalemba manambala madzulo ali yekha mu ofesi, dziwani kuti mawu akuti `Tronc` angolembedwa chabe.

Kugawa ndi maola kumayenda bwanji?

Tiyeni tipeke lesitilanti yaing'ono ya anthu asanu ndi awiri. Pa sabata yagulitsa zakudya ndi zakumwa za £9,600, ndipo makasitomala onse alipira 12.5 peresenti. M'thumba muli £1,200. Shefu wamkulu wagwira maola 45, wophika mnzake 40, woyang'anira maweta 40, weta woyamba 40, weta wachiwiri, yemwe ndi mwana wa sukulu, 20, wa pabala 25, ndipo wotsuka mbale 30. Onse pamodzi agwira maola 240.

Mugawe £1,200 ndi 240, mupeza £5 pa ola. Basi, masamu atha. Aliyense achulukitse maola ake ndi £5. Shefu wamkulu alandira £225, atatu a maola 40 aja £200 aliyense, wotsuka mbale £150, wa pabala £125, mwana wa sukulu £100.

Ubwino wa njirayi ndi wakuti aliyense angathe kudziwerengera pafoni pake. Akusowa manambala atatu okha: ndalama yonse ya m'thumba, maola a anthu onse, ndi maola ake. Vuto lake limaoneka pa mashifiti. Ola la Lachiwiri masana, pamene matebulo awiri okha ndi amene ali ndi anthu, limalipidwa chimodzimodzi ndi ola la Loweruka usiku pamene sukhala pansi ngakhale kamodzi. N'chifukwa chake malo ena amatseka thumba tsiku lililonse, kapenanso shifiti iliyonse, kuti ndalama ya Loweruka igawidwe kwa omwe analipo Loweruka. Koma akatero, amene amalemba ndandanda ya mashifiti amakhala ndi mphamvu yaikulu pa matumba a anthu. Akakukonda akupatsa Lachisanu ndi Loweruka, akakuda akuika Lolemba masana. Ngati mashifiti sasinthanasinthana mwachilungamo, thumba la sabata yathunthu ndi limene limateteza anthu.

Nanga mapointi?

Apa ntchito iliyonse imapatsidwa kulemera kwake. Mu lesitilanti yathu ija tinene kuti shefu wamkulu ndi woyang'anira maweta ali ndi mapointi 6, wophika ndi maweta 5, wa pabala 4, wotsuka mbale 3. Mapointiwo amachulukitsidwa ndi maola amene munthu wagwira.

| Ntchito | Maola | Mapointi | Maola kuchulukitsa mapointi | Kugawa ndi maola okha | Kugawa ndi mapointi |
|---|---|---|---|---|---|
| Shefu wamkulu | 45 | 6 | 270 | £225 | £270 |
| Wophika | 40 | 5 | 200 | £200 | £200 |
| Woyang'anira maweta | 40 | 6 | 240 | £200 | £240 |
| Weta woyamba | 40 | 5 | 200 | £200 | £200 |
| Weta wachiwiri | 20 | 5 | 100 | £100 | £100 |
| Wa pabala | 25 | 4 | 100 | £125 | £100 |
| Wotsuka mbale | 30 | 3 | 90 | £150 | £90 |

Mapointi onse a sabatayi akwana 1,200, ndiye pointi imodzi ndi £1. Ndasankha manambala otere kuti masamu asavute. Sabata ina thumba likakhala £1,020 pa mapointi omwewo, pointi imodzi ikhala 85p, ndipo aliyense atsika mofanana.

Taonani bwino mizere iwiri yomalizayo. Thumba silinakule. Shefu wamkulu wakwera ndi £45, woyang'anira ndi £40, zonse £85. Ndalama imeneyi yachoka kwa wotsuka mbale, yemwe wataya £60, ndi kwa wa pabala, yemwe wataya £25. Anthu akamakambirana zoti mkulu wina awonjezeredwe pointi, amayankhula ngati kuti pointiyo igwa kumwamba. Ayi, ikuchoka m'thumba mwa wina amene ali m'chipinda momwemo, ndipo nthawi zambiri ndi uja amene sadziwa bwino Chingerezi ndipo salankhula pamsonkhano.

Sindikutsutsa mapointi. Weta amene amadziwa vinyo, amene amagwira matebulo asanu ndi atatu osasokoneza oda, amabweretsa ndalama zambiri kuposa amene wayamba dzulo. Koma pamene wapamwamba ali ndi mapointi owirikiza katatu kapena kanayi a wapansi, ndimayamba kukayikira kuti matipi akugwiritsidwa ntchito polipira akuluakulu m'malo moti bwana awakwezere malipiro kuchokera m'thumba mwake.

Kwathu amagawa ndi mapointi okha, osawerengera maola. Palibe vuto?

Vuto lilipo, ndipo ndi lalikulu. Mu chitsanzo chathu mapointi a anthu asanu ndi awiriwo akwana 34. Kugawa £1,200 ndi 34 kukupereka £35.29 pa pointi. Weta aliyense alandira pafupifupi £176, wa maola 40 ndi wa maola 20 chimodzimodzi. Wina wapeza £4.41 pa ola, mnzake £8.82, pa ntchito yofanana.

Njirayi imayenda pokhapokha ngati onse amagwira maola ofanana, zomwe sizichitika m'lesitilanti. Kuikonza n'kosavuta, mungochulukitsa mapointi ndi maola monga tachitira pamwambapa.

Kodi otsuka mbale ndi ophika ayenera kulandira nawo? Kasitomala anapatsa ine.

Lamulo silinena kuti onse alandire mofanana, limati kagawidwe kakhale kachilungamo komanso koonekera. Malangizo a boma amene amatsagana ndi lamuloli amatchula zinthu zomwe mungaganizire: mtundu wa ntchito, malipiro amene munthu amalandira kale, maola amene wagwira, kagwiridwe ka ntchito ka munthu kapena ka gulu, udindo, zaka zimene wakhala pantchito, ndi cholinga cha kasitomala. Choncho malo angathe kupatsa maweta gawo lalikulu kuposa a kukhitchini, bola chifukwa chake chilembedwe ndipo chikhale chomveka.

Maganizo anga ndi awa. Kasitomala amamwetulira weta, koma akumwetulira nyama yophikidwa bwino ndi tambula yopanda mafuta. Usiku umene wotsuka mbale sanabwere, pofika 8 koloko mbale zatha, chakudya chikuzizira pa pasi, pomwe maweta amachitengera, ndipo matebulo ayamba kupempha kuti sevisi chaji ichotsedwe. Aliyense amene anagwirapo shifiti yotere sadzafunsanso funso limeneli.

Chenjezo lina: kagawidwe kasapondereze anthu chifukwa cha mtundu, chipembedzo, msinkhu, kulumala kapena kukhala mkazi kapena mwamuna. Equality Act 2010 imagwiranso ntchito pa matipi. Ngati mapointi ochepa amangogwera anthu a mtundu umodzi pa ntchito yofanana ndi ya anzawo, imeneyo ndi nkhani yoti ikafike patali.

Bwana wanga amati malipiro anga ndi matipi pamodzi zimapitirira malipiro otsikitsitsa a boma, ndiye palibe chodandaula. Akunena zoona?

Sakunena zoona, ndipo funso ili ndi limene ndikufuna aliyense alimvetse. Kuyambira pa 1 Okutobala 2009, matipi ndi sevisi chaji sizikuwerengedwa pa malipiro otsikitsitsa. Bwana ayambe wakulipirani malipiro athunthu kuchokera ku ndalama za bizinesi, matipi abwere pamwamba.

Kuyambira Epulo 2025 malipiro otsikitsitsa a munthu wa zaka 21 kupita m'mwamba anali £12.21 pa ola. Nambala imeneyi imasintha Epulo aliyense, choncho onani ya chaka chimene mukuwerenga. Pa nambala ya 2025 imeneyo, weta wathu wa maola 40 ayenera kukhala ndi mzere wa malipiro wa £488.40, ndi mzere wina wapadera wa matipi wa £200. Zonse £688.40 msonkho usanachotsedwe.

Tsopano tayerekezani kuti bwana akumulipira £10.50 pa ola. Maola 40 akupereka £420, kuphatikiza matipi £620. Bwana agawa ndi 40 n'kunena kuti, "Taona, ukulandira £15.50 pa ola, boma limati £12.21." Zikumveka bwino, koma wetayo wabedwa £68.40 sabata imeneyo. Poyeza malipiro anu, phimbani mzere wa matipi ndi chala, mugawe zotsalazo ndi maola amene mwagwiradi, kuphatikizapo nthawi yokonza matebulo musanatsegule ndi yokolopa mutatseka. Zikachepera pa nambala ya boma, pali ngongole, ndipo mungadandaule ku HMRC, bungwe la boma la misonkho, lomwe limatsatanso nkhani za malipiro otsikitsitsa.

Ndinalembedwa ntchito pa "£14 pa ola kuphatikiza tironki". Ndizimvetse bwanji?

Funsani kuti pa £14 imeneyo, malipiro enieni ndi zingati ndipo ya tironki ndi zingati. Nthawi zambiri mupeza kuti ndi malipiro otsikitsitsa ndipo yotsalayo ndi ya tironki; pa nambala ya 2025 ija, £12.21 ya malipiro ndi £1.79 ya tironki. Mpaka apa lamulo silinaswedwe. Funso lachiwiri ndi lakuti: thumba likadzaza, ndalama yoposa £1.79 pa ola imapita kuti?

Mu lesitilanti yathu ija thumba linapereka £5 pa ola. Ngati aliyense akupatsidwa £1.79 yokhazikika, pa maola 240 patuluka £429.60 yokha, ndipo £770.40 yatsala kwinakwake. Ndalama imeneyo ndi ya antchito ndipo iyenera kutuluka. Chizindikiro chosavuta kuona ndi ichi: ngati mzere wa `Tronc` pa ola ndi womwewo mu Disembala, pamene mulibe tebulo lopanda anthu, ndi mu Januwale pamene mukungopukuta matambula, ndipo palibe mzere wina wowonjezera wobwera pambuyo, pemphani mabuku.

Kodi angasunge ndalama ya Disembala kuti adzagawe miyezi yovuta?

Matironki ambiri ankatero kale. Pano matipi ayenera kufika kwa antchito pasanathe mwezi wotsatira mwezi umene kasitomala analipira. Ndalama ya pa 20 Disembala ikhale italipidwa pofika pa 31 Januwale. Kusungira Januwale ndi Febuluwale tsopano ndi ntchito yanu, osati ya bwana.

Komanso thumba ndi la malo amene ndalamayo inalipidwa. Kampani ya malesitilanti ambiri singatenge matipi a nthambi ya ku Manchester kukathandizira ya ku Leeds.

N'chifukwa chiyani ndinauzidwa £200 koma ndalandira £160?

Msonkho. Matipi ndi ndalama yolowa ngati ina iliyonse. Kwa munthu amene malipiro ake adya kale gawo losakhomedwa msonkho, lomwe ndi £12,570 pa chaka kapena pafupifupi £242 pa sabata, matipi onse amakhomedwa 20 peresenti. Pa £200 pachoka £40. Ku Scotland magawo a msonkho amasiyana pang'ono.

Pali ndalama inanso, ya inshuwalansi ya boma, imene papepala imalembedwa `NI`. Apa ndi pamene tironki yeniyeni imasiyana ndi yongotchula. Ngati matipi ndi ongofuna kasitomala ndipo wagawa ndi mkulu wa tironki wodziimira payekha, `NI` sichotsedwa, wetayo atenga £160. Ngati wagawa ndi bwana, pachokanso 8 peresenti, yomwe ndi £16, ndipo atenga £144. Bwananso amalipira gawo lake la 15 peresenti, £30 pa £200, ndipo saloledwa kuitenga m'thumba la matipi. Ichi ndi chifukwa chake eni malesitilanti amakonda tironki. Sevisi chaji yokakamiza imakhomedwa `NI` nthawi zonse, kaya wagawa ndi ndani.

Ena amalandira mapepala awiri, la malipiro lokhala ndi nambala ya msonkho ngati `1257L` ndi la tironki lokhala ndi `BR`. Zimenezi zimachitika tironki ikakhala ndi kaundula wake wa msonkho. `BR` imatanthauza kuti ndalama yonse ya papepalalo ikhomedwa 20 peresenti. Kwa amene amagwira maola ochepa kwambiri, moti pa chaka safika £12,570, angapezeke atadulidwa msonkho wopitirira. Oterewa afunse ku HMRC kuti akonze nambalayo kapena awabwezere.

Nanga ndalama ya pamanja imene kasitomala wandifumbatitsa?

Ngati kwanu weta amasunga yekha ndalama yotere ndipo bwana salowererapo, lamulo la kagawidwe silikhudza ndalamayo, koma muyenera kuiulula nokha ku HMRC. Ngati lamulo la pantchito panu limati iponyedwe m'botolo ndipo manijala ndi amene amawerenga ndi kugawa, yalowa m'gulu la matipi amene lamulo likuteteza. Ndalama ya m'botolo ndi imene imasowa mosavuta. Aziwerenga anthu awiri potseka, alembe nambala ndi tsiku m'kabuku, onse asaine.

Ndaswa mbale, kapena tebulo lathawa osalipira. Angadule pa matipi anga?

Ayi. Matipi si ndalama yobwezera zotayika za bizinesi. Kudula pa malipiro enieni kuli ndi malamulo ake: payenera kukhala mgwirizano wolembedwa kale, ndipo pa ndalama yosowa mu tilu, wogwira ntchito m'lesitilanti sadulidwa zoposa 10 peresenti ya malipiro a nthawi imeneyo.

Ndimagwira kudzera ku ejensi. Ndili nawo m'thumba?

Inde. Lamulo la 2023 limawerengera antchito a ejensi, a maola ochepa, ndi a makontrakiti opanda maola otsimikizika. Ngati munagwira Loweruka usiku pamodzi ndi anzanu, maola anu alowe m'masamu. Izi zimakhudza kwambiri ana a sukulu, omwe viza yawo nthawi zambiri imawalola maola 20 pa sabata sukulu ikakhala yotsegula, ndipo ambiri amapeza mashifiti kudzera ku ejensi.

Ndikukayikira kuti kagawidwe sikakuyenda bwino. Ndiyambire pati?

Yambani ndi kupempha ndondomeko yolembedwa ya matipi. Malo alionse amene matipi amabwera kawirikawiri ayenera kukhala nayo, ndipo antchito onse azitha kuiona. Muwerenge ngati akugawa ndi maola kapena mapointi, ntchito yanu ili ndi mapointi angati, amene amasintha mapointi ndi ndani, ndipo munthu akakhala pa holide kapena akadwala zimakhala bwanji. Nkhani ya holideyi imasiyana malo ndi malo, ndiye ndi bwino kuidziwa musanapite.

Kenako lembani kalata kapena imelo yopempha mbiri ya matipi. Bwana ayenera kusunga mabuku a zaka zitatu, ndipo akuyankheni pasanathe masabata anayi. Muli ndi ufulu wodziwa ndalama yonse imene inalowa pamalopo ndi gawo limene linapatsidwa kwa inu, koma osati zimene mnzanu aliyense analandira. Pempho lotere limaloledwa kamodzi pa miyezi itatu, choncho tchulani bwino miyezi imene mukufuna. Maola a anthu onse mungawapeze pa ndandanda ya mashifiti yopachikidwa kukhitchini. Muziijambula sabata iliyonse, chifukwa ikachotsedwa pakhoma simudzaionanso.

Manambala akapanda kugwirizana, musathamangire kunena kuti wina waba. Nthawi zambiri ndapeza kuti maola owonjezera sanalowe, kapena munthu anakwezedwa udindo koma mapointi ake anatsalira akale. Muonetseni mkulu wa tironki masamu anu papepala. Zikakanika, imbirani bungwe la ACAS, lomwe limapereka uphungu waulere ndipo ndi khomo loyamba musanapite ku bwalo la milandu ya ntchito. Dandaulo la matipi osagawidwa bwino kapena osalipidwa lili ndi miyezi 12, koma la kusowa kwa ndondomeko kapena kukanizidwa mabuku nthawi yake ndi yaifupi, choncho musalichedwetse. Bwalo lingalamule kuti kagawidwe kakonzedwe ndi kuti ndalama ilipidwe, ngakhale kwa anzanu amene sanadandaule, komanso chipukuta misozi chomwe pamene lamuloli linkayamba malire ake anali £5,000.

M'bale wanga ndi weta ku Joni ndipo amadalira matipi okha. Zimenezi zikumukhudza?

Malamulo a tironki ndi a ku UK, sagwira ntchito ku South Africa. Koma mfundo yaikulu ija ilinso komweko: National Minimum Wage Act ya 2018 imati matipi sawerengedwa poyeza malipiro otsikitsitsa, omwe kuyambira Malichi 2025 anali R28.79 pa ola. Pa nambala ya 2025 imeneyo, weta wa maola 45 pa sabata ankayenera kukhala ndi R1,295.55 ya malipiro asanakhudze tipi ngakhale imodzi. Ngati bwana wake amati "malipiro ako ndi matebulo ako", madandaulo otere amapita ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito, kapena ku ofesi ya za ntchito, ndipo adzamufunsa umboni wa masiku ndi maola amene wagwira. Muuzeni ayambe kulemba m'kabuku lero, nthawi yolowa ndi yotuluka, shifiti iliyonse.